Kabonataiti ndi zitsulo zosowa: kodi chuma cha ku Kangankunde ndi ku Songwe chagona pati?

Nkhani ya migodi ya ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ya ku phiri la Songwe m'boma la Phalombe yakhala ikumveka pa wailesi ndi m'nyuzipepala kwa zaka zingapo tsopano. Manambala amene amatchulidwa ndi aakulu, matani mamiliyoni ambirimbiri, moti womva amangoganiza kuti mapiriwo ndi ndalama zokhazokha. Maganizo anga ndi akuti kukula kwa phiri sikuuza munthu phindu lake. Phindu lenileni lili m'kachigawo kakang'ono ka zitsulo ziwiri, ndiponso m'ntchito yovuta yozilekanitsa ndi zinzake. Mafunso ali m'munsimu akutsata mfundo imeneyi, kuyambira pa mwala weniweniwo kukafika pa foni ya m'manja.

Kodi kabonataiti ndi mwala wotani, ndipo umasiyana bwanji ndi mwala wa laimu?

Pafupifupi miyala yonse imene inachokera ku chiphalaphala cha pansi pa dziko ndi ya silika, zinthu zomwe zija zimapanga mchenga ndi galasi. Kabonataiti ndi wosiyana. Nayenso anachokera ku chiphalaphala, koma kuposa theka la mwalawo ndi kaboneti, makamaka kalisaiti ndi dolomaiti, zomwenso zimapezeka m'mwala wa laimu umene anthu amaotcha. Mukadontheza asidi wosungunula pa kabonataiti wa kalisaiti, amachita thovu ngati laimu. Wa dolomaiti amachedwa, mpaka mutamupera kukhala ufa. Kufanana kumeneku kunasokoneza akatswiri kwa nthawi yaitali, chifukwa laimu wamba amapangika pansi pa nyanja kuchokera ku zigoba za tizilombo ndi matope, ndipo ambiri sankakhulupirira kuti kaboneti angasungunuke n'kukwera kuchokera pansi pa dziko.

Dziko lathu lili ndi gawo m'mbiri ya mkangano umenewu. Mu 1937 Frank Dixey, amene ankatsogolera ofesi ya kafukufuku wa miyala mu Nyasaland, pamodzi ndi anzake awiri, anafotokoza miyala ya pa chilumba cha Chilwa ndi ya mapiri oyandikana nacho. Anaonetsa kuti kaboneti wa kumeneko analowerera m'miyala yakale kuchokera pansi, ndipo lipoti lawo limawerengedwa ngati loyamba kuzindikira kabonataiti mu Africa. Umboni wotseka pakamwa unabwera mu 1960 ku Tanzania, pamene akatswiri anaona ndi maso chiphalaphala cha kaboneti chikutuluka m'phiri la Oldoinyo Lengai, pafupi ndi nyanja ya Natron. Chiphalaphala chimenechi chimatuluka chakuda, chamadzimadzi, chotentha madigiri 500 mpaka 600 okha, pamene chiphalaphala wamba chimapitirira madigiri 1,000. Chikakhala pa mphepo ndi chinyontho kwa masiku ochepa chimayera. Palibenso phiri lina pa dziko lapansi limene likutulutsa chiphalaphala chotere masiku ano.

Munthu wodziwa amazindikira kabonataiti poyang'ananso miyala yomuzungulira. Chiphalaphalacho chikamazizira chimatulutsa madzi otentha odzaza ndi sodiyamu ndi potaziyamu, amene amalowa m'miyala ya m'mbali n'kuisandutsa, kawirikawiri kukhala yofiirira. Laimu wa pansi pa nyanja sachita zimenezi. Kabonataiti wodziwika pa dziko lonse amapitirira malo 500, ndipo ambiri ali mu Africa, motsatira ming'alu ikuluikulu ya nthaka. Kum'mwera kwa Malawi kuli Kangankunde, Songwe, Tundulu ndi chilumba cha Chilwa, zonse zopangika zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Ku Zambia kuli phiri la Nkombwa ku Isoka, ndipo ku Tete ku Mozambique kuli phiri la Muambe.

Nanga zitsulo zosowazi ndi ziti, ndipo zinadzaunjikana bwanji m'mwala umenewu?

Zilipo 17, koma wowerenga asavutike kuloweza zonse. Zimagawidwa pawiri. Zopepuka ndi monga lanthanamu, seriyamu, puraseodimiyamu ndi neodimiyamu. Zolemera ndi monga teribiyamu ndi disipurosiyamu, ndipo itiriyamu amawerengedwa pamodzi nazo. M'nthaka ya dziko lapansi seriyamu ndi wochuluka mofanana ndi kopa, ndipo neodimiyamu ndi wochuluka kuposa mtovu. Vuto lake n'lakuti zitsulozi n'zomwazikana. Zili pang'onopang'ono pafupifupi m'mwala uliwonse, koma malo amene zaunjikana mokwanira kuti munthu akumbe mgodi ndi owerengeka.

Kabonataiti ndi amodzi mwa malo owerengekawo, ndipo chifukwa chake chili m'kabadwidwe kake. Pansi penipeni pa dziko, miyala ikayamba kusungunuka pang'ono chabe, zoyamba kulowa m'madzi osungunukawo ndi zinthu zimene sizikwana bwino m'timiyala ta kumeneko, ndipo zitsulo zosowa zili m'gulu limeneli. Choncho chiphalaphalacho chimayamba ulendo wake chili kale ndi zitsulozi mochuluka kuposa miyala imene chachokerako. Chikamakwera n'kumazizira, timiyala timayamba kuuma motsatizana: kalisaiti poyamba, kenako dolomaiti, pomaliza kaboneti wokhala ndi ayironi wambiri. Timiyala toyambato timatenga zitsulo zosowa zochepa, ndiye zambiri zimatsalira m'madzi amene akucheperachepera, monga mmene mchere umatsalira mumphika madzi akamaphwa. Pomaliza penipeni madzi otsalawo, otentha ndi amchere kwambiri, amalowa m'ming'alu n'kusiyamo timiyala todzaza ndi zitsulo zosowa.

Apa pali phunziro lofunika: si kabonataiti aliyense amene ali mgodi wa zitsulozi. Wa ku Phalaborwa ku South Africa amadziwika ndi kopa ndi fosifeti, wa ku Araxá ku Brazil ndi niyobiyamu, ndipo ambiri alibe chokumba n'komwe. Ngakhale m'phiri limodzi, chuma chimakhala m'zigawo zimene zinauma mochedwa. Chinanso ndi mtundu wa kamwala kamene kasunga zitsulozo. Ku Kangankunde ndi monazaiti, wa mtundu wobiriwira, wooneka ndi maso m'miyala ya dolomaiti. Ku Mountain Pass ku America ndi basitinesaiti. Ku Songwe ndi sinichisaiti pamodzi ndi apataiti, timiyala tating'ono kwambiri tolukana ndi tinzake. Kusiyana kumeneku n'kumene kumalamula ngati zitsulozo zidzatuluka mosavuta kapena movutikira.

Kodi zitsulozi zimagwira ntchito yanji m'zipangizo zamagetsi?

Tiyambe ndi kuchotsa maganizo olakwika amene afala. Batire la foni yanu silidalira zitsulo zosowa. Ilo ndi la lithiyamu, galafaiti ndi zitsulo zina monga kobati. Tizipangizo towerengera ta mkati mwa foni ndi ta silikoni. Zitsulo zosowa zimalowa pamene pakufunika kuwala kwa mtundu wolongosoka kapena maginito amphamvu pa malo ochepa. Chinsinsi chake chili m'kapangidwe ka atomu zake. Zili ndi maelekitironi ena obisika mkati, otchingidwa ndi akunja, moti khalidwe lawo silisokonezedwa kwambiri ndi zinthu zowazungulira.

Pa kuwala, yuropiyamu ndiye anapatsa wailesi zakanema za m'ma 1960 mtundu wofiira wowala bwino, ndipo kwa zaka zambiri mgodi wa Mountain Pass unkadalira msika umenewu. Babu loyera losadya magetsi ambiri, limene lili m'tochi ndi m'nyale za sola, kwenikweni limatulutsa kuwala kwa buluu; kachikasu kamene mumakaona pamwamba pake babu likazima kali ndi itiriyamu ndi seriyamu, ndipo n'kamene kamasandutsa kuwalako kukhala koyera. M'nthambo zagalasi zonyamula intaneti pansi pa nyanja muli zigawo zothira eribiyamu, zimene zimawonjezera mphamvu ya kuwala kukayamba kufooka pa mtunda wautali. Ufa wa seriyamu umapukutira magalasi a foni ndi a makamera kuti asalale.

Koma ndalama zambiri za msikawu zili m'maginito. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Masato Sagawa ku Japan ndi John Croat ku America, aliyense payekha, anapeza kuti neodimiyamu, ayironi ndi boroni zikasakanizidwa m'kapangidwe ka Nd2Fe14B zimapanga maginito amphamvu kuposa ena onse ogulitsidwa. Ayironi amapereka mphamvu yokoka, ndipo neodimiyamu amagwira mphamvuyo kuti isatembenuke n'kutha. Pafupifupi magawo atatu pa khumi a kulemera kwa maginitowa ndi neodimiyamu pamodzi ndi puraseodimiyamu, amene amalowa m'malo mwake mosavuta. Mukamasula sipika yakale ya wailesi mumapeza chimaginito chakuda, cholemera, chachikulu ngati chibakera. M'foni ntchito yomweyo ikugwiridwa ndi kachitsulo konyezimira kochepa kuposa chikhadabo. Tina totere timanjenjemeretsa foni ikamaitana, tina timasuntha kagalasi ka kamera kuti chithunzi chioneke bwino. Foni imodzi imatenga zochepa zedi. Amene amadya zambiri ndi mamota: galimoto yamagetsi imafuna kilogalamu imodzi kapena awiri a maginito, ndipo makina ena akuluakulu opanga magetsi ndi mphepo amafuna makilogalamu mazana angapo pa megawati iliyonse.

Maginitowa ali ndi chofooka chimodzi. Akatentha kupitirira madigiri 80, a mtundu wamba amayamba kutaya mphamvu, ndipo mkati mwa mota ya galimoto mumatentha kuposa pamenepo. Mankhwala ake ndi kuthiramo pang'ono disipurosiyamu kapena teribiyamu. Zitsulo zolemerazi kabonataiti alibe zambiri. Zochuluka zimachokera m'dothi la kum'mwera kwa China ndi la ku Myanmar. Choncho ngakhale phiri la kabonataiti litakula chotani, palokha silikwanitsa zonse zimene wopanga maginito akufuna.

Tikakumba tani imodzi ya mwala wa ku Kangankunde, timapezamo chiyani?

Mu 2023 kampani ya Lindian ya ku Australia inalengeza kuti phirili lili ndi matani 261 miliyoni a mwala wokhala ndi zitsulo zosowa zopitirira pang'ono 2 peresenti. M'malipoti a makampani nambala imeneyi imalembedwa ndi zilembo za TREO, kutanthauza zitsulo zonse zosowa pamodzi, zoyezedwa ngati ufa wa okosaidi. Tiyeni tiiwerengetsere pa tani imodzi. Pa makilogalamu 1,000 a mwala, pafupifupi 20 ndi zitsulo zosowa. Mwa 20 amenewa, pafupifupi 10 ndi seriyamu, 6 ndi lanthanamu, ndipo 4 ndi neodimiyamu ndi puraseodimiyamu, amene m'malipoti amalembedwa NdPr. Zina zonse n'zochepa kwambiri.

Tsopano tiike mitengo. Seriyamu ndi lanthanamu akhala akugulitsidwa pa dola imodzi kapena awiri pa kilogalamu, chifukwa mgodi uliwonse umawatulutsa mochuluka kuposa mmene msika ukuwafunira. Mtengo wa NdPr umasinthasintha, koma kwa zaka zaposachedwapa sunatsike kwenikweni pansi pa madola 50. Titatenga madola 60 ngati chitsanzo, makilogalamu 4 aja akupereka madola 240, pamene makilogalamu 16 a zinazo sakufika ngakhale madola 35. Ndiye kuti pafupifupi magawo asanu ndi anayi pa khumi a mtengo wonse ali m'makilogalamu 4 pa 1,000. Ichi n'chifukwa chake munthu akamva nambala ya TREO ayenera kufunsa nthawi yomweyo kuti NdPr ndi wochuluka bwanji mmenemo.

Komanso si zonse zimene zimatuluka. Mwalawo umaphwanyidwa n'kuperedwa, kenako monazaiti amapatulidwa. Poti ndi wolemera kuposa dolomaiti ndipo amakokeka pang'ono ndi maginito amphamvu, ku Kangankunde dongosolo ndi lomupatula ndi madzi, kulemera kwake ndi maginito, popanda asidi, n'kupeza ufa wokhala ndi zitsulo zosowa pafupifupi 55 peresenti. Kumeneko ndi kupambana kwenikweni kwa phirili. Koma pakupatula, tina timatsala tomatirira ku miyala ina, tina timaperedwa mopitirira n'kupita ndi madzi. Tiyerekeze kuti tapulumutsa magawo asanu ndi limodzi pa khumi. Tani yathu yatipatsa makilogalamu 12 a zitsulo zosowa, m'thumba la ufa lolemera makilogalamu 22. Makilogalamu 978 otsalawo ndi zinyalala zimene zidzakhala ku Balaka mpaka kalekale. M'thumba lija muli NdPr wokwana makilogalamu 2.4, amene akayengedwa amapereka chitsulo cha makilogalamu awiri, chokwanira maginito a makilogalamu pafupifupi 7, kapena kuti mamota a magalimoto atatu mpaka asanu ndi awiri.

Songwe ndi nkhani ina. Kampani ya Mkango inayeza matani pafupifupi 21 miliyoni pa 1.4 peresenti, ndipo timiyala take tating'onoting'ono sitipatuka ndi kulemera kokha. Pamafunika kutiyandamitsa ndi thovu la mankhwala, kenako kutisungunula. Zimenezi zimadya ndalama zambiri pomanga, koma zimatanthauzanso kuti gawo lalikulupo la ntchito lichitikira ku Phalombe komweko. Phiri lililonse liweruzidwe palokha.

Bwanji osamalizira konkuno ntchito yonse, m'malo motumiza ufa kunja?

Funsoli ndi loyenera, ndipo n'limene lili pa mtima pa nkhani yonseyi. Kuchoka pa thumba la ufa kufika pa maginito pali masitepe anayi. Loyamba ndi kuswa monazaiti, amene ndi kamwala kouma mutu: amaotchedwa ndi asidi wa salifa m'ng'anjo, kapena kuphikidwa mu soda wamphamvu, mpaka zitsulozo zitasungunuka, n'kuzitsitsa pansi ngati ufa wosakanikirana. Lachiwiri ndi kulekanitsa. Zitsulozi zimafanana kwambiri m'khalidwe lake, moti mankhwala amene amagwira neodimiyamu amagwiranso puraseodimiyamu pafupifupi mofanana. Njira yake ndi kusakaniza madzi a asidi ndi madzi ena onga mafuta, amene amakonda chitsulo china pang'ono chabe kuposa chinzake, kuwasiya kuti alekane, n'kubwerezanso. Kusiyana kwa ulendo umodzi n'kochepa, ndiye pamafunika matanki mazanamazana olumikizana, oyenda usana ndi usiku. Makina otere akaima mwadzidzidzi, zimene zinalekana zimatha kusakanikirananso, ndipo kubwezeretsa dongosolo kumatenga nthawi yaitali. Lachitatu ndi kusandutsa ufa wa okosaidi kukhala chitsulo ndi magetsi, mu mchere wosungunuka wotentha pafupifupi madigiri 1,000. Lachinayi ndi kupanga maginito: kusakaniza ndi ayironi ndi boroni, kupera, kutsindira mkati mwa mphamvu ya maginito, kuotcha, ndi kukutira kuti asachite dzimbiri.

Maiko amene amakwanitsa zonsezi ndi ochepa. China imakumba pafupifupi magawo awiri pa atatu a zitsulozi, makamaka ku Bayan Obo, koma pa kulekanitsa ndi kupanga maginito ili ndi pafupifupi magawo asanu ndi anayi pa khumi. Ngakhale America, itatsegulanso Mountain Pass mu 2017, inakhala zaka zingapo ikutumiza ufa wake ku China. Kampani ya Lynas imakumba ku Mount Weld ku Australia koma imalekanitsira ku Malaysia. Mkango nayo ikufuna kukalekanitsira ku Poland.

Wina anganene kuti ngati America inavutika, ife tisalote n'komwe. Sindikugwirizana nazo kwathunthu. N'zoona kuti masitepe achiwiri mpaka achinayi sitingawafikire lero. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ndipo namondwe Ana ataononga Kapichira mu 2022 dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Asidi ndi soda nazonso n'zoitanitsa kunja kudzera ku madoko a anzathu. Koma sitepe loyamba lija, la kuswa ndi kupanga ufa wosakanikirana, si loto. Lili kale m'dongosolo la Songwe, ndipo limabweretsa ntchito za akatswiri a mankhwala ndi a makina zimene kukumba kokha sikubweretsa. Kukakamiza kampani kuti ipange maginito ku Balaka chaka chamawa n'kuletsa mgodi osanena. Kulola ufa kutuluka kwa zaka makumi ambiri popanda pangano la sitepe lotsatira n'kugulitsa gawo lotchipa la malondawo mpaka kalekale.

Koma poti dziko lonse likuzifuna, mtengo ungagwenso?

Ungagwe, ndipo unagwapo kale. Mu 2010 China inachepetsa kwambiri zimene inkalola kutumizidwa kunja, ndipo pa mkangano wake ndi Japan katundu anaima kwa kanthawi. Mu 2011 mitengo inakwera kangapo konse, makampani ambirimbiri n'kuthamangira kukafufuza miyala, kuno kwathu komwe. Posakhalitsa mitengo inatsika, ndipo mu 2015 kampani ya Molycorp, imene inali itathira ndalama zankhaninkhani ku Mountain Pass, inagwa ndi ngongole. Mu 2022 mtengo wa NdPr unapitirira madola 150 pa kilogalamu, ndipo pofika 2024 unali utatsika kufika cha m'ma 50. Msikawu ndi waung'ono poyerekeza ndi wa kopa kapena wa ayironi, moti mgodi umodzi waukulu kapena lamulo limodzi la ku Beijing limausuntha. Opanga mamota nawonso sagona: mitengo ikakwera amachepetsa disipurosiyamu m'maginito, ndipo ena amapanga mamota opanda maginito otere.

Pali mfundo yotsutsa imene ndi yolemera. Mu Epulo 2025 China inaika malamulo okhwima pa kutumiza kunja zitsulo zosowa zisanu ndi ziwiri pamodzi ndi maginito ake, ndipo mafakitale ena a magalimoto kunja anayamba kusowa zipangizo. Kuyambira pamenepo maiko olemera akufunitsitsa magwero ena, ndipo zimenezi zikupatsa dziko ngati lathu mphamvu pa zokambirana. Koma tionetsetse mndandandawo: zambiri mwa zitsulo zisanu ndi ziwirizo ndi zolemera, monga disipurosiyamu ndi teribiyamu, zimene mapiri athu alibe zambiri. Neodimiyamu ndi puraseodimiyamu paokha sanali pa mndandandawo. Mphamvu tili nayo, koma ili ndi malire. Amalawi akukumbukira mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, umene unatsegulidwa mu 2009 n'kuimitsidwa mu 2014 mtengo utagwa.

Nanga za poizoni ndi cheza choopsa zimene zimanenedwa, n'zoona?

Zitsulo zosowa zimene tikukambazi sizitulutsa cheza choopsa chodetsa nkhawa. Chimene chimaopsa ndi thoriyamu, ndi yureniyamu pang'ono, amene amakonda kukhala m'timiyala tomweto. Monazaiti wa mumchenga wa m'mbali mwa nyanja zamchere amatha kukhala ndi thoriyamu wokwana 5 peresenti kapena kuposa. Akaswedwa ndi asidi, thoriyamuyo amatsalira m'matope, ndipo matopewo akasungidwa mosasamala amaononga madzi ndi nthaka. Ku Bukit Merah ku Malaysia fakitale yotere ya m'ma 1980 inadzetsa milandu yaitali ndi anthu okhala pafupi, n'kutsekedwa m'ma 1990. Ku Baotou ku China kuli dziwe lalikulu la zinyalala za ntchitoyi. Ku Mountain Pass mapaipi a madzi oipa ankaphulika m'chipululu, ndipo zimenezi zinathandizira kuti mgodiwo utsekedwe mu 2002.

Monazaiti wa ku Kangankunde wakhala akudziwika kuyambira kale kuti ali ndi thoriyamu wochepa kwambiri, ndipo umenewu ndi mwayi weniweni. Miyala ya kaboneti imathandizanso kuti madzi otuluka mumgodi asakhale a asidi. Koma kuchepa si kusakhalapo, ndipo kupatula kumaunjika thoriyamu pamodzi ndi monazaitiyo. Zoopsa za tsiku ndi tsiku pa mgodi wotere ndi zodziwika: fumbi, madzi ambiri amene makina amamwa m'boma louma ngati Balaka, ndi damu la zinyalala limene liyenera kupirira mvula yonga ya namondwe Freddy, imene inasakaza Phalombe mu 2023. Njira yodziwira ngati zinthu zaipa ndi imodzi. Madzi a m'mijigo ndi m'mitsinje, fumbi ndi cheza ziyezedwe mgodi usanayambe, zotsatira zake zilengezedwe, ndipo kuyezako kubwerezedwe ndi anthu osalipidwa ndi kampani. Popanda muyezo woyambawo, chitsime chikadzasintha kakomedwe palibe amene adzathe kutsimikizira chimene chachititsa. Tivomerezenso kuti sitepe la kuswa limene tikulifuna lija n'limene limabala matope oopsa kwambiri. Amene akufuna ntchito zake ayenera kufunanso malamulo ake.

Ndiye kodi si bwino kungozisiya pansi mpaka titakhala okonzeka?

Maganizowa amamveka, chifukwa miyala siola. Koma msika sudikira. Kangankunde wakhala akufufuzidwa kuyambira nthawi ya atsamunda, kenako anakhala zaka zambiri m'milandu ya umwini, ndipo nthawi yonseyo palibe chimene anthu a ku Balaka anapeza. Migodi ina ikukonzedwa ku Tanzania, ku Angola, ku Brazil ndi kwina, ndipo maginito akale akuyamba kubwezeretsedwa m'mafakitale. Kukonzeka kwenikweni, kwa akatswiri, kwa ma labotale ndi kwa oyang'anira, kumabwera pamene ntchito ikuchitika.

Chofunika ndi kudziwa chimene tikugulitsa. Poti ufa wa monazaiti ulibe mtengo umodzi wodziwika poyera ngati wa golide, wogula amalipira gawo chabe la mtengo wa NdPr amene ali mkatimo, atachotsera ndalama zoswera ndi zolekanitsira. Ngati boma lilibe njira yakeyake yoyezera zimene zili m'thumba lililonse lotuluka, msonkho udzawerengedwa pa nambala imene wogulitsa wanena, ndipo ngati wogulayo ndi kampani yachibale ndi wogulitsa, mtengowo ungathe kutsitsidwa dala. Choncho phungu, mfumu, mtolankhani kapena mphunzitsi akakhala pa msonkhano wa za migodiyi asakhutire ndi matani mamiliyoni. Afunse kuchuluka kwa NdPr m'thumba lililonse ndi amene wayeza. Afunse dzina la wogula, kawerengedwe ka mtengo wake, ndi chaka chimene sitepe lotsatira lidzamangidwe m'dziko muno. Afunsenso ndalama zimene zasungidwa padera zosamalira makilogalamu 978 aja mgodi ukadzatsekedwa, ndipo mayankho ake apemphe kuti alembedwe m'pangano limene aliyense angathe kuliwerenga.